Kalasi Yonse Ikamatsanzika Mnzawo ndi Ndakatulo

Mwana wasukulu akamwalira, mbiri yake imene imawerengedwa pamaliro imakhala yaifupi. Anabadwa chaka chakuti, anali mu Fomu 2, anadwala, watisiya. Palibe ntchito yoti itchulidwe, palibenso ana amene wasiya. Zambiri za moyo wake amazidziwa ndi anzake amene ankakhala naye m'kalasi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndakatulo ya kalasi ndiyo imabweretsa zimenezi pamaso pa anamfedwa.

Tiyerekeze kalasi ya ana 60. Mphunzitsi asawalembere ndakatuloyo. Apatse aliyense kapepala kuti alembe chinthu chimodzi chimene akukumbukira. Ambiri adzalemba kuti "anali wabwino", koma mawu otere angakwane pamaliro a wina aliyense. Mapepala ofunika ndi amene akunena kuti ankakhala pazenera, ankabwereketsa cholembera, ankagawa chimanga chokazinga pabuleki. Ana atatu kapena anayi asankhe zoterezi n'kuzilukira m'ndime zinayi za mizere inayiinayi. Mayi ake akamva za chimanga chija, adzadziwa kuti akunenedwayo ndi mwana wawo, pakuti ankakazinga ndi iwo.

Vuto lalikulu lili pa kalakatulidwe. Anthu 60 akamawerengera pamodzi mzere uliwonse, ena amathamanga, ena amatsalira, ndipo amene akhala kutali amangomva chiphokoso. Njira yake tinaiphunzira kale pa nthano, pamene mmodzi amasimba ena n'kumavomera kuti "Tilitonse". Ndime iliyonse ilakatulidwe ndi mwana mmodzi, ndipo kalasi yonse izivomera ndi mzere umodzi wosasintha. Mwachitsanzo, mmodzi anene kuti, "Mpando wako wa pazenera sitinausunthe," onse n'kuyankha kuti, "Akaitana dzina lako, tidzayankha ndife." Mzere wovomerawo ukhale waufupi, woti munthu aumalize asanapume, ndipo auloweze pamtima. Poyeserera, mphunzitsi aime patali kunja. Ngati sakumva mawu aliwonse, ndiye kuti akuthamanga.

Kumbuyo kwa wolakatula aliyense kuime mnzake wodziwa ndime yomweyo. Mawu akatsamwa ndi misozi, iye angopitiriza. Mwana amene sakufuna kuyankhula asakakamizidwe. Kuima pamodzi ndi anzake n'kokwanira.

Pali zina zosayenera kulowamo. Ndakatulo isatchule matenda amene amutenga, isafunsenso kuti "wachita izi ndani?" chifukwa pamaliro funso lotere limamveka ngati kuloza munthu ufiti. Ndiponso mwambo wa maliro uli ndi eni ake. Mphunzitsi ayambe waonetsa ndakatuloyo kwa akubanja, ndipo apemphe nthawi kwa woyendetsa mwambo. Akakana, ilakatulidwe kusukulu pa asembule.

Pomaliza, ikopedwe bwino papepala loyera, ana onse alembe mayina awo m'munsi, ndipo iperekedwe kwa makolo. Maluwa a nkhata amafota pamanda sabata isanathe, koma pepala limasungika.