Katundu anyamuke kaye, kapena ndalama zifike kaye?

Aliyense amene amagulitsa nsapato, zovala za kaunjika, mafuta odzola kapena zitenje pa WhatsApp ndi pa Facebook amaudziwa uthenga uwu: “Ndazikonda, munditumizire, ndilipira zikafika.” Wogulitsa amauwerenga mtima uli pawiri. Akakana, kasitomala apita kwa wina. Akavomera, nsapato zituluka m'nyumba popanda ngakhale tambala m'manja.

Ambiri posankha njira yolandirira ndalama amayamba ndi kufunsa kuti yodula pang'ono ndi iti. Funsolo ndi labwino, koma lilipo lina lofunika kuyamba nalo: pa nthawi imene katundu ali pa msewu, zinthu zikalakwika aluza ndani? Kulipira katundu akafika kumaika chiopsezo chonse pa wogulitsa. Kulipiriratu pa foni kapena ku banki kumachisamutsira kwa wogula. Njira zonse zitatu zili ndi malo ake, ndipo malowo amadziwika ndi mtunda, kukula kwa ndalama, ndiponso ngati munthuyo munagulitsanapo naye kale.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe amene amasankha nsapato pa belo, kuzichapa, kuzijambula ndi kuziika pa foni. Mitengo imene ndikuikayi ndi yongowerengera, aliyense aikepo yake. Peyala imodzi imamudyera K18,000, kuphatikiza sopo ndi ulendo wokaoda, ndipo amaigulitsa K30,000. Phindu ndi K12,000. Wakabaza amalipiritsa K5,000 kukasiya katundu ku Area 36, ndipo mgwirizano ndi woti ndalama ya ulendoyo amapereka ndi wogula.

Sabata ina mayiyu walandira maoda 10, onse olipira katundu akafika. Anthu 8 alandira nsapato ndi kulipira, phindu lakwana K96,000. Awiri otsalawo ndiwo nkhani. Wina foni yake yazima wakabaza atafika kale pa siteji. Wina wayesa nsapato, wati ikumuthina. Wakabaza sanalakwe kanthu, mafuta wawotcha, ndiye ayenera kulipidwa ulendo wopita ndi wobweza katundu, K10,000 pa oda iliyonse. Mayiyu watulutsa K20,000 m'thumba mwake ndipo phindu latsika kufika pa K76,000. Kunena kwina, oda imodzi yokanidwa yadya pafupifupi phindu lonse la peyala imodzi imene inagulidwa bwinobwino. Onjezani kuti nsapato ziwirizo zakhala tsiku lonse pa njinga, mwina wina amene anali ndi ndalama m'manja anauzidwa kuti zatha.

Palinso zina zimene sizioneka pa masamu. Ndalama zimadutsa m'manja mwa munthu wachitatu, amene angachedwe nazo mpaka madzulo kapena mawa. Tchenji chimavuta, poti wogula wabwera ndi ma K5,000 okhaokha. Ndipo wogula akaona katundu ali pakhomo pake amadziwa kuti mphamvu zili kwa iye, ndiye amayamba kunenerera mtengo umene munagwirizana kale: “Ndili ndi 25 yokha, mutenga?” Wogulitsa amavomera chifukwa kubweza katundu n'kodula kuposa kuchotsera.

Komabe sindinganene kuti njirayi itayidwe. Wogula nayenso ali ndi mantha ake, ndipo ndi mantha oona. Anthu ambiri anatumizapo ndalama kwa munthu wa zithunzi zokongola, kenako nambala n'kuzima. Wogulitsa watsopano, amene palibe angamuchitire umboni, akaumirira kuti aliyense alipiriretu zonse, adzakhala ndi katundu wake mpaka fumbi. Chimene ndimaona kuti chimathandiza ndi kugawana chiopsezocho. Wogula atumize dipoziti pa foni yokwana ulendo wopita ndi wobwerera, yotsalayo adzamalize katundu ali m'manja. Pa chitsanzo chathu, zonse pamodzi ndi K35,000. Atumize K10,000 kaye, K25,000 pofika. Akasintha maganizo, mayi uja sanaluze kanthu koma nthawi. Munthu amene waperekako K10,000 sazimitsa foni wamba. Koma nenani poyera musanalandire dipozitiyo kuti ibwezedwa pa zifukwa ziti. Ngati mwatumiza saizi yolakwika kapena mtundu wina, cholakwa ndi chanu, bwezani ndalama ya mwini.

Ndalama ya pa foni ndiyo yafala kwambiri pa malonda otere. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo lero ejenti amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse, ngakhale kumene banki kulibe. Ndalama imafika nthawi yomweyo, usiku kapena Lamulungu. Wogula asanatsimikize kutumiza amaona dzina limene nambalayo inalembetsedwa, choncho ndi bwino kuti dzinalo likhale lomwe amakudziwani nalo. Mukamuuza kuti atumize pa nambala ya mlamu wanu, musadabwe akayamba kukayika.

Mtengo wa njirayi umabisala potapa. Kulandira sikukudyerani kanthu, koma mukapita kwa ejenti kukatapa mumadulidwa, ndipo ndalama yodulidwayo imayenda m'magulu malinga ndi kuchuluka kwa zimene mukutapa. N'chifukwa chake mumamva ogulitsa akuti, “Muikepo ndi yotapira.” Mawu amenewa amakwiyitsa kasitomala akabwera kumapeto, mtengo mutagwirizana kale. Kuli bwino kuwerengera yotapira mu mtengo wa katundu kuyambira pachiyambi. Kuposa apo, musamatape oda iliyonse payokha. Onani tebulo la mitengo limene limapachikidwa kwa ejenti, muwerengere nokha kusiyana kwa kutapa kakhumi pang'onopang'ono ndi kutapa kamodzi. Ndipo ngati wakabaza, wogulitsa belo ndi wa mayunitsi a magetsi onse angalandire pa foni, ndalamayo isatuluke n'komwe.

Choopsa chachikulu pa ndalama ya pa foni ndi uthenga wabodza, ndipo apa ndipempha kuti tichedwepo. Wakuba amalemba uthenga wofanana ndendende ndi umene kampani imatumiza, wonena kuti mwalandira K35,000, n'kuutumiza kuchokera pa nambala yake. Kenako amaimba msangamsanga: “Mayi, ndatumiza, wanjinga wanga ali panja, mupatseni katundu.” Changu chimenecho ndicho chizindikiro choyamba. Chachiwiri chili pamwamba pa uthengawo. Uthenga weniweni umabwera m'dzina la kampani, m'malo omwe mauthenga ena onse a ndalama amafikira, pomwe wabodza nthawi zambiri umachokera pa nambala wamba ya munthu. Koma musadalire maso okha, chifukwa akuba amaphunzira tsiku ndi tsiku. Umboni ndi umodzi basi: ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Imbani *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone ngati zakweradi ndi K35,000. Sizitenga mphindi. Kuti zimenezi zitheke muyenera kudziwa kuti munali ndi zingati poyamba, ndipo n'chifukwa chake nambala ya bizinesi iyenera kusiyana ndi imene mumagulira ndiwo ndi kutumizira achibale.

Bodza lina ndi lija loti “ndatumiza mopyola” kapena “ndalakwitsa nambala, mundibwezere.” Mukabweza musanaone, mwatumiza zanu. Ngakhale ndalamayo italowadi, muuzeni munthuyo kuti adandaule ku kampani ya foni kuti ibweze yokha mwa njira yake, chifukwa mukabweza nokha iye n'kukapemphanso ku kampani, mungapezeke mukukangana pa ndalama imodzi kawiri. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atadzitchula kuti akuimba kuchokera ku likulu.

Banki imayamba kumveka ndalama zikakula. Tinene kuti mayi wina wa shopu ku Mzuzu akufuna mapeyala 15 kuti akagulitsenso, pa K26,000 iliyonse. Zonse ndi K390,000. Kulipira katundu akafika apa n'kosatheka, chifukwa katoni yopita mtunda woposa makilomita 300 pa basi kapena pa kampani yonyamula katundu ikakanidwa, kuibweza ndi ntchito ya masiku. Pa foni zingatheke, koma akaunti ya pa foni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutumiza pa tsiku, yotapira imakula, ndipo ejenti wa pafupi angakuuzeni kuti alibe ndalama zokwanira m'kabati. Ku banki ndalamayo imakhala malo amodzi, ndipo imasiya mbiri. Sitetimenti ya miyezi ingapo yoonetsa ndalama zolowa ndi imene mudzafunsidwe tsiku limene mudzafune ngongole yokulitsira bizinesi.

Msampha wa banki ndi chithunzi cha lisiti. Wogula amajambula zimene foni yake yaonetsa n'kukutumizirani, ndipo inu mumaona dzina lanu ndi K390,000. Chithunzi chotere chimatha kukonzedwa, kapena kukhala chakale chongosinthidwa deti. Ngakhale chitakhala chenicheni, chimangosonyeza kuti iye walamula banki yake kutumiza, osati kuti ndalama zafika kwa inu. Mukakhala pa banki imodzi, zimalowa nthawi yomweyo. Mabanki akasiyana pali njira ziwiri. Ina ndi yachangu, yodutsa pa makina olumikiza mabanki onse a National Switch, ndipo imafika m'kanthawi kochepa. Ina ndi yanthawi zonse, imene imayenda pa maola a ntchito, moti ndalama yotumizidwa Lachisanu madzulo ingaoneke Lolemba. Choncho funsani wogula kuti ali ku banki iti ndipo wasankha njira iti, kenako onani mu akaunti yanu, kaya pa *626# ngati muli ku National Bank kapena pa njira ya banki yanu. Katoni inyamuke ndalama zitaoneka kwa inu. Muuzeninso kuti potumiza alembe dzina lake pa malo ofotokozera, kuopa kuti anthu awiri angatumize ndalama zofanana tsiku limodzi inu n'kusokonezeka.

Wa ku Mzuzu uja nayenso akutumiza K390,000 kwa munthu amene sanamuonepo, ndiye mbali yanu muichite mooneka. Muimbireni pa vidiyo aone mapeyala onse 15 akulowa m'katoni. Mukapereka katundu kwa onyamula, jambulani lisiti yawo yokhala ndi nambala ya katunduyo, mumutumizire nthawi yomweyo, mumuuzenso tsiku ndi malo okatengera. Ngati akukayikabe, musakakamize oda yonse. Yambani ndi mapeyala atatu, K78,000, imene angatumize pa foni mosavuta. Akawalandira n'kuona kuti ndi omwe anaona pa chithunzi, 12 otsalawo, a K312,000, adzalipire ku banki.