Kapepala ka Sisita ka Mphindi Zisanu

Nthawi yosinthana ntchito m'wodi ndi yochepa, choncho namwino wofotokoza kasambidwe katsopano ka m'manja amalemba mfundo zake pa kapepala kokwana m'thumba.

Pamwamba amalembapo nthawi zisanu zimene bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2009: asanagwire wodwala, asanachite ntchito yofuna ukhondo monga kubaya jakisoni, atakhudza magazi kapena mkodzo, atagwira wodwala, ndiponso atagwira bedi kapena zinthu za wodwalayo. Yachisanuyi ndiyo imaiwalika. Munthu amakonza diripi, nkupita pa bedi lina osasamba, poti wodwalayo sanamukhudze.

Kenako manambala. Sipiriti wopaka m'manja amafuna masekondi 20 mpaka 30, pomwe sopo ndi madzi zimafuna 40 mpaka 60. Manja akaoneka akuda, sipiriti sakwanira, pafunika sopo.

Namwino wanzeru salemba zambiri za kapakidwe. Amangolemba kuti "onetsa", ndipo amapaka sipiriti anzake akuona, kutsindika zala zazikulu ndi nsonga za zala, malo amene ambiri amawadumpha.

Mzere womaliza ndi wa magolovesi: ukavula, usambebe m'manja.