Fulashi ikaoneka yopanda kanthu, musathamangire kufomata

Nyengo yopereka mapepala a kafukufuku m'masukulu a ukachenjede ikafika, m'malo opulintira mumamveka dandaulo limodzi: munthu walowetsa fulashi yake pakompyuta, waitsegula, ndipo mulibe kanthu. Ena amapezamo tizithunzi ta mafoda tokhala ndi kamuvi pakona. Wapamalopo amangopukusa mutu n'kunena kuti vayirasi yadya mafayilo, ndiye palibe kuchitira mwina koma kufomata. Uphungu umenewu ndi umene wawonongetsa ntchito za anthu ambiri, chifukwa nthawi zambiri mafayilowo amakhala alimo, sanasunthe n'komwe.

Umboni wake suvuta kuupeza. Titenge fulashi ya 16 GB imene Windows yaipatsa chilembo E. Dinani batani lakumanja la mbewa pa chizindikiro chake, musankhe Properties, ndipo muone pamene palembedwa Used space. Ngati pakuonetsa 5 GB koma mkati simukuona chilichonse, ndiye kuti katundu wanu wa 5 GB adakalimo. Fayilo yofufutidwa sitenga malo.

Chimene chachitika ndi ichi. Fayilo iliyonse pafulashi imakhala ndi tizizindikiro touza kompyuta momwe iyenera kuisungira. Kena kamati fayiloyi ibisike, kena kamati ndi ya Windows yeniyeniyo, munthu asaikhudze. Vayirasi imene yafala m'makompyuta a anthu ambiri imangoyatsa tizizindikiro tiwiriti pa mafoda anu onse. Ikatero imapanga timafayilo tabodza totchedwa mashotikati, n'kutipatsa mayina enieni a mafoda anuwo. Kashotikati kamalemera 1 KB kapena 2 KB basi, ndipo dzina lake limathera ndi `.lnk`. Mukakadina, kamachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: kamakutsegulirani foda yanu yobisika ija kuti musakayike kanthu, komanso mwakachetechete kamadzutsa kapulogalamu ka vayirasi, kawirikawiri kothera ndi `.vbs`, kamene kamadzikopera m'kompyutamo. Fulashi ya munthu wotsatira ikangolowa, nayo yatenga. Apa mukhoza kuona kuti vayirasiyo ilibe phindu pakufufuta mafayilo anu. Imawafuna, chifukwa ndiwo amakukopani kuti mudine.

Ambiri amagwa mphwayi atayatsa Hidden items koma osaona kusintha. Chifukwa chake n'chakuti Windows imabisabe mafayilo okhala ndi kachizindikiro kachiwiri kaja ngakhale mutaiuza kuti ionetse zobisika. Njira yachidule ndi kuzimitsa tizizindikiroto. Pitani pakompyuta imene mukudziwa kuti ndi yabwino, chifukwa pa yodwala vayirasi idzabisanso zonse pasanathe mphindi. Tsegulani Command Prompt n'kulemba izi, mutasintha E kukhala chilembo cha fulashi yanu:

```
attrib -h -s -r /s /d E:\*.*
```

Lamuloli silionetsa chilichonse likamagwira ntchito, ndipo ngati mafayilo ndi ochuluka limatenga kanthawi. Likatha, mafoda enieni amatulukira pambali pa abodza aja. Nthawi zina mumapeza foda imodzi yooneka ngati ilibe dzina. Itseguleni, zonse zili m'menemo. Koperani katundu wanu pena, fufutani mashotikati osawadina, fufutaninso fayilo ya `.vbs` imene simunaiyike ndinu, kenaka fufuzani fulashiyo ndi pulogalamu yothana ndi mavayirasi.

Nkhani imasintha Windows ikalemba kuti "You need to format the disk in drive E: before you can use it". Apa chawonongeka ndi kaundula amene amalemba kuti fayilo yakuti ili pamalo pakuti, ndipo zimachitika kwambiri munthu akazula fulashi ikulemba, kapena magetsi akathima ntchito ili mkati. Zili ngati buku limene lang'ambika tsamba la zamkatimu: mitu yonse ilimo, koma palibe chokulozerani. Dinani Cancel. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imawerenga fulashi mosadalira kaundulayo n'kutola zimene yazindikira, ngakhale mayina a mafayilo amatayika. Zotoledwazo muzisunge pakompyuta, osati pafulashi yomweyo.

Tsono pali uthenga wina umene wabala mabodza ambiri: "The disk is write-protected". Fulashi imawerengeka, koma imakana kulandira fayilo, kufufuta kapena kufomatidwa. Ena amati muiike mufiriji, ena amati muianike padzuwa, enanso amalipiritsa ndalama ati ali ndi pulogalamu yotsegula fulashi iliyonse. Kuzizira kapena kutentha sikusintha chilichonse pa nkhaniyi, kupatula kulowetsa chinyezi m'kati.

Yambani mwayang'ana m'mbali mwake, chifukwa mafulashi ena, komanso timakhadi ta SD, amakhala ndi kabatani kotsekera. Yesaninso pakompyuta ina, poti m'maofesi ena makompyuta amatcheredwa dala kuti asalembe pafulashi iliyonse. Ikakanabe, tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba mizere iyi umodziumodzi:

```
diskpart
list disk
select disk 1
attributes disk
attributes disk clear readonly
```

Nambala 1 ndi chitsanzo chabe. Fulashi yanu muizindikire ndi kukula kwake pamndandanda umene watuluka. Ya 16 GB imaonetsa pafupifupi 14 GB, ndipo sikuti mwaberedwa, ndi kusiyana kwa kawerengedwe. Mzere wachinayiwo ndi umene uli ndi yankho. Ukaonetsa `Read-only : Yes`, ndiye kuti chotsekacho chili m'manja mwa Windows, ndipo mzere wachisanu ukhoza kuchichotsa. Koma ukaonetsa `Current Read-only State : Yes` pamodzi ndi `Read-only : No`, kabatani kulibe ndipo makompyuta ena akukananso, ndiye kuti fulashi yadzitseka yokha.

Kudzitsekaku n'kwadala. M'kati mwa fulashi muli tchipi chosunga zinthu ndi china choyang'anira. Tizipinda tosungiramo timatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse tikalembedwa ndi kufufutidwa. Tikayamba kulephera, choyang'aniracho chimakhala ndi tizipinda tapadera tolowa m'malo, koma nato tikatha, mafulashi ambiri amaletseratu kulemba kuti zimene zilimo zisawonongeke. Palibe lamulo la Windows limene lingabwezeretse tizipinda totha. Koperani zonse tsiku lomwelo, fulashiyo ikadawerengeka, ndipo mugule ina.

Kufomata kuli ndi malo ake, katundu akapulumutsidwa kale. Mukachonga Quick Format, Windows imangolemba kaundula watsopano, ndipo zakale zikhoza kutolekabe malinga simunalembepo zina. Mukachotsa chongacho, imalemba ziro pafulashi ponse, ndipo palibe pulogalamu yotolera mafayilo imene ingabwezenso kanthu. Pa File system, FAT32 ndi imene mawayilesi a m'galimoto ndi ma TV akale amaimva, koma silandira fayilo imodzi yokwana 4 GB. Ngati mumanyamula mafilimu akuluakulu, sankhani exFAT.

Ndipo ngati fulashi yotchipa yolembedwa 64 GB ikungowononga mafayilo ngakhale mwaifomata kangapo, ikayikireni. Zachinyengo zimakhala ndi tchipi chaching'ono chimene chatcheredwa kuti chizinama kukula kwake, moti zimene mwakopera kupyola malo ake enieni zimaoneka mayina okha koma osatseguka. Pulogalamu ya H2testw imaidzaza yonse n'kuwerenganso, ndipo imakuuzani malo enieni amene ili nawo. Iyeseni tsiku logula lomwelo, musanaikemo kanthu.