Dzina la Kampani Likalembedwa Molakwika

Pa Bugzilla, vuto lililonse la pulogalamu limalembedwa zinthu zitatu. Status imanena pamene ntchito yafika, monga In Progress. Severity imayeza kukula kwa chowonongeka, pomwe Priority imanena choyamba kukonzedwa.

Tiyerekeze kuti dzina la kampani lalembedwa molakwika patsamba loyamba. Palibe chasiya kugwira ntchito, choncho Severity ndi yochepa, koma kasitomala aliyense akuliona, ndiye likonzedwe lero. Lipoti la pachaka likamakanika kutseguka m'Febuluwale, vuto ndi lalikulu, koma lingadikire.

Chisokonezo chimabwera chifukwa kawirikawiri vuto lalikulu limakhalanso lachangu. Komanso wopereka dandaulo amasankha Critical pofuna kuthandizidwa msanga. Mukaona pafupifupi zonse zili Critical, dziwani kuti anthu akulemba changu chawo m'malo mwa kukula kwa vuto.