Kumasulira mayina ndi maudindo popanda kunyoza mwini

Dzina lenileni la munthu silimasuliridwa. Mavuto amakhala Mavuto m'chinenero chilichonse, ngakhale dzinalo lili ndi tanthauzo. Ntchito ya womasulira imagona pa ulemu umene umatsagana ndi dzinalo, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi pamene umauika.

Atolankhani a Chingerezi akatchula munthu koyamba ndi mayina ake onse, m'munsimu amangolemba dzina la makolo lokha, ndipo kwa iwo si mwano. Womasulira akatsata zimenezo n'kulemba kuti "Phiri wati sabwera," ndiye kuti wamusandutsa mwana munthu wamkuluyo. Zoyenera n'zakuti "A Phiri ati sabwera." Kuika "a" patsogolo pa dzina sikukwanira, mneni nayenso ayenera kusintha: "wati" akhale "ati," "iye" akhale "iwo," mpaka nkhani ithe. Chingerezi chilinso ndi liwu limodzi lokha pamene ife tili ndi "iwe" ndi "inu." Choncho womasulira ayambe wadziwa amene akulankhula, amene akulankhulidwa, ndi msinkhu wawo. Akakayika asankhe "inu," poti palibe amakwiya chifukwa chopatsidwa ulemu wambiri.

Potembenuzira nkhani ku Chingerezi, vuto limabwera pa mfunda. Mayi wotchedwa Anaphiri ndi wa mfunda wa Phiri mwa kubadwa, ndipo amuna awo akhoza kukhala a Banda kapena a Mwale. Womasulira akawalemba monga mkazi wa Bambo Phiri, ndiye kuti wawakwatitsa kwa munthu wina. Ndi bwino kusiya dzinalo mmene lilili, n'kufotokoza kamodzi kokha tanthauzo la "Na-."

Dongosolo la mayina nalo limasiyana. Kwa Atchaina dzina la banja ndilo limayamba, kotero mtsogoleri wa dziko lawo, Xi Jinping, ndi "a Xi." Kuwatchula kuti "a Jinping" kuli ngati kuitana munthu wamkulu ndi dzina lake la paubwana.

Maudindo a mafumu ndi a chipembedzo safuna kuphatikiza. Liwu loti "mfumu" limakwanira nyakwawa ya pamudzi, koma mfumu yaikulu ya Achewa, imene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, ndi Kalonga Gawa Undi. Angoni a ku Mzimba ali ndi Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, a ku Ntcheu ali ndi Inkosi ya Makhosi Gomani. Maudindo amenewa amalembedwa momwemo m'chinenero chilichonse. Wansembe wa Katolika ndi Bambo, mtsogoleri wa mpingo wa Chipresibateriya ndi Abusa, wa Chisilamu ndi Shehe. Kusinthanitsa mayina aulemuwa, makamaka pa mwambo wa maliro kapena pa kalata yoitanira anthu ku ukwati, kumakhumudwitsa mwiniwake ndi mpingo wake womwe. Ngati mwini dzina alipo, womasulira amufunse mmene amafunira kutchulidwa asanalembe.