Diso losapweteka limatha kufa: kachilombo ka CMV kwa omwe chitetezo chatsika

Ambirife timathamangira kuchipatala diso likafiira, likamatuluka manthongo kapena likamabaya ngati mwalowa mchenga. Koma pali matenda ena omwe amadya diso mkati popanda ululu uliwonse, ndipo mukaliyang'ana kunja limaoneka loyera bwinobwino. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa saitomegalovairasi, komwe achipatala amangokafupikitsa kuti CMV, ndipo amagwira makamaka anthu omwe ali ndi HIV pamene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsikiratu.

Kachilomboka si kachilendo. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense kuno ku Afirika ali nako, ndipo ambiri tinakatenga tili ana kudzera m'malovu, mkodzo kapena mkaka wa m'mawere. Kakalowa m'thupi sikachoka, kamangokhala phee chifukwa asilikali a m'thupi amakapanikiza. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 yoyambira pa 500 kupita m'mwamba. Ikatsika kupyola 200, achipatala amati HIV yafika povuta. Koma CMV amayamba kuvuta m'maso CD4 ikatsika kupyola 100, makamaka ikafika pansi pa 50. Masiku ano ofika pamenepa ndi awiri: amene sanayezetse magazi mpaka atadwalika, ndi amene anayamba ma ARV n'kuwasiya, kapena mankhwalawo anasiya kugwira ntchito m'thupi mwake.

Kuseri kwa diso, mkati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina. Ndiko kamalandira kuwala n'kutumiza chithunzi ku ubongo. CMV amafika pamenepa kudzera m'magazi n'kuyamba kupha kachikopako, ndipo amayenda ngati moto wa m'tchire: kutsogolo kukuyaka, kumbuyo kwatsala lupsa. Pamene papsa sipameranso. Mankhwala amazimitsa motowo koma sabweza pomwe pawonongeka, ndipo apa ndi pagona nkhani yonse.

Tiyerekeze mayi wazaka 34 yemwe anasiya ma ARV zaka ziwiri zapitazo atasamukira kwina. Wayamba kuonda, ndipo sabata zitatu zapitazi akuona timadontho takuda tikuyandama m'diso lakumanja, nthawi zina kung'anima ngati mphezi. Akusankha nyemba pa lichero, akuona kuti mbali ina ya licherolo ikubisika. Akapukuta diso palibe chikusintha. Popeza silikupweteka, iye akuti ndi chizungulire cha njala, ndipo diso lakumanzere likubisa vutolo pogwira ntchito ya awiri. Atayezedwa, CD4 yake yapezeka kuti ndi 28.

Tochi wamba sangaonetse matendawa. Dotolo wa maso amayamba wadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, n'kudikira mphindi 20 kapena 30, kenako amasuzumira mkati ndi nyali yovala kumutu ndi galasi la m'manja. Mwa mayiyu waona zigamba zoyera mwachikasu zosakanikirana ndi magazi, zotsata mitsempha. Wayang'ananso diso linalo, chifukwa matendawa amakonda kuyamba diso limodzi n'kuolokera kwina. Chimene akufuna kudziwa kwambiri ndi pomwe chigambacho chili. Ngati chili m'mphepete, nthawi ilipo pang'ono. Ngati chayandikira pakati pomwe timawerengera, kapena pa mtsempha waukulu wa diso, masiku ochepa okha angathe kusiya munthu osaona.

Mankhwala odalirika ndi mapiritsi a valigansikolovira. Munthu wamkulu yemwe impso zake zili bwino amamwa mamiligalamu 900 kawiri pa tsiku kwa masiku 14 mpaka 21, kenako mamiligalamu 900 kamodzi pa tsiku. Ubwino wake ndi woti amateteza maso onse awiri komanso matumbo ndi kummero, komwe CMV amathanso kuyambitsa zilonda. Kuipa kwake, amachepetsa magazi ndi asilikali ena a m'magazi, choncho wodwala ayenera kumayezedwa magazi pafupipafupi, makamaka ngati akumwanso AZT. Angathenso kuvulaza mwana wosabadwa, ndiye mayi ngati uyu ayenera kunena ngati ali woyembekezera. Mapiritsiwa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Pomwe palibe, kapena pamene chigamba chili pamalo oopsa, madotolo amabaya gansikolovira m'diso momwemo, kamodzi kapena kawiri pa sabata poyamba. Kumva kuti jakisoni wa m'diso thupi limachita tsemwe, koma diso amayamba alichititsa dzanzi, ndipo kubayako sikutenga nthawi. Kungoti jakisoniyu amathandiza diso lobayidwalo basi.

Zonsezi n'zongogwiriziza. Chimene chimagonjetsa CMV ndi chitetezo cha munthu mwini, choncho mayiyu ayambiranso ma ARV mosachedwa. Mankhwala a CMV amasiyidwa pokhapokha CD4 yakhala pamwamba pa 100 kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo dotolo wa maso watsimikiza kuti chigamba chauma.

Ngakhale zitatero, pali zinthu ziwiri zomwe zimabwera pambuyo. Retina yomwe inapsa imakhala yopyapyala, imatha kubooka n'kumatuka. Munthu amaona ngati nsalu yakuda ikutsika m'diso, ndipo pamafunika opaleshoni mwamsanga. China n'choti asilikali a m'thupi akabwerera amatha kuyambitsa kutupa m'diso lomwe munali CMV, maso n'kuchita chifunga pamene thupi lonse likupeza bwino. Ena akaona izi amati ma ARV awawononga maso n'kuwasiya. Kumeneko n'kulakwitsa koopsa. Kutupako kuli ndi mankhwala ake, pomwe kusiya ma ARV kumangomutsegulira CMV khomo.

Kafukufuku wakhala akupeza matendawa mowirikiza ku Asia kusiyana ndi kuno. Ine sindiona chifukwa chokhalira mtima m'malo pamenepa, chifukwa odwala ambiri a CD4 yotsika sasuzumiridwa n'komwe mkati mwa diso, ndipo chosafunidwa sichipezeka.

Mavuto ena a maso amaonekera kunja ndipo ndi ofala kwambiri kwathu kuno. Mashingozi akatuluka pachipumi mbali imodzi, makamaka matuza akafika pansonga ya mphuno, diso lili pangozi, ndipo mapiritsi a asaikolovira amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku atatu oyamba. Kanyama koyera kapena kotuwa komwe kamamera pa choyera cha diso, pafupi ndi chakuda, n'kumakula, kangathe kukhala khansa. Kakadali kakang'ono amakachotsa mosavuta, koma kakalekereredwa diso lonse limachotsedwa. Chindoko ndi chifuwa chachikulu nazonso zimalowa m'diso, ndipo chindoko chimatha kufanana ndi CMV moti kuyeza magazi n'kofunika. Mutu woopsa pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri ndi nkhani ina, chifukwa kungakhale kutupa kwa ku ubongo, ndipo woteroyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati CD4 yanu, kapena ya m'bale amene mukumusamalira, ili pansi pa 100, pemphani ku kiliniki ya ma ARV kuti akutumizeni kwa a maso ngakhale mukuona bwinobwino. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali ya maso, chimodzimodzinso Nkhoma. Kunyumba, m'mawa uliwonse tsekani diso limodzi ndi chikhatho, muyang'ane chitseko kapena kalendala, kenako musinthe. Mukaona madontho atsopano, kung'anima kapena mbali ina ikubisika, musagule mankhwala odontheza pamsika ndipo musadikire tsiku lokatenga ma ARV. Pitani kuchipatala msanga, ndipo mukawauze CD4 yanu.