Ukwati wokakamiza: khoti limayang'ana chiyani?

Kusudzulana ndi kuthetsa banja lomwe linamangidwa bwino koma lasokonekera pakati. Palinso chigamulo china chimene ambiri sachidziwa, pomwe khoti limanena kuti ukwatiwo unalakwika pa tsiku lomwe unamangidwa. Ku Malawi nkhani zotere zili m'lamulo la maukwati la 2015.

Maukwati olakwikawa ali pawiri. Ena ndi osavomerezeka kuchokera pachiyambi, monga wa anthu apachibale chapafupi, kapena wa munthu amene anamangitsa ukwati kwa DC n'kukwatiranso mkazi woyamba asanasudzulidwe. Ngakhale awiriwo atakhalira limodzi zaka makumi awiri, ukwati wotere sukhala ukwati. Ena amaonedwa ngati ukwati ndithu kufikira mmodzi mwa eni akewo atakadandaula kukhoti. Ngati wolakwiridwayo wasankha kukhalabe, wapadera sangauthetse.

Nkhani yovuta kuiweruza ndi ya chilolezo. Gawo 22 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja, ndipo khoti lingathe kufafaniza ukwati ngati munthu anavomera chifukwa choopsezedwa, kunamizidwa, kapena mutu wake usakuyenda bwino.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 19 amene wapezeka ndi pathupi. Amalume ake amutenga usiku, zovala zili m'chitenje, n'kukamutula kwa mnyamata, akumuuza kuti akabwerera kwawo amumenya ndipo sadzapondanso pakhomopo. Patapita sabata, ankhoswe akumana, iye wangogwedeza mutu akulira. Msinkhu wokwatiwa wakwana, popeza lamulo limati zaka 18, koma kodi anavomera?

Woweruza amafuna kudziwa ngati mantha anamulanda mphamvu yokana. Mu 1982 khoti la apilo ku England linafafaniza ukwati pa mlandu wa Hirani, wa mtsikana wa zaka 19 yemwe makolo anamuopseza kuti amuthamangitsa pakhomo. Linagamula kuti sipafunika mpaka kuopsezedwa ndi imfa. Komabe kunyengerera kwa makolo, manyazi, kapena kufuna kusangalatsa abale sizikwanira pazokha. Bodza nalo liyenera kukhudza maziko a ukwati, monga kumusainitsa munthu chikalata asakudziwa kuti ndi cha ukwati. Mwamuna kunama kuti ali ndi galimoto si chifukwa chokwanira.

Mtsikana uja ayenera kubweretsa umboni: amene anamuona akutulidwa, mauthenga oopseza a pafoni, lipoti la kupolisi kapena lakuchipatala, ndi mnzake amene anamudandaulira nthawi yomweyo. Kuchedwa kumafooketsa mlandu, chifukwa akakhala m'banjamo zaka zambiri mwamtendere mantha atatha, khoti lingaone ngati anadzavomera pambuyo pake. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Ukwati ukafafanizidwa, mwana sataya kanthu: bambo ake ayenerabe kumusamala.